Mamita okha saimika mdadada pa chithunzi cha AI

Ndatopa kuona zithunzi za sukulu zooneka ngati zajambulidwa ndi droni, koma chimbudzi chikulingana ndi holo, ndipo denga la ofesi lalowa m'denga la kalasi. Eni ake amati, "Komatu ndinalemba mamita onse." Vuto lili pomwepo. Mapulogalamu a AI opanga zithunzi kuchokera ku mawu, monga Midjourney kapena Stable Diffusion, sagwira tepi yoyezera. Mukalemba mamita 18, nambalayo siisanduka utali pa chithunzi. Chimene chimathandizako ndi kuyerekeza chinthu ndi chinzake.

Tinene kuti sukulu ili ndi midadada itatu, uliwonse wa makalasi awiri, mamita 18 mulitali ndi 8 mulifupi, yozungulira bwalo la mpira wa manja mbali zitatu. Bwalo la mpira wa manja ndi mamita 30.5 mulitali, choncho mdadada uzipitirira pang'ono theka la bwalolo. Limeneli ndiye likhale muyeso wanu, ndipo lilowe m'malangizo:

```
oblique drone view, 45 degrees, three separate single-storey
blocks in a U shape, gable iron roofs, each just over half
the length of the netball court, shadows falling one way
```

Onani kuti kamera yapendekeka madigiri 45. Ikayang'ana pansi chindunji muona malata okhaokha, ndipo nyumba yosanja simungaisiyanitse ndi yapansi. Mawu onena kuti nyumbazo n'zotalikirana musawasiye, chifukwa popanda iwo madenga amakonda kumatana pa ngodya.

Komabe nyumba zikapitirira zinayi kapena zisanu, mawu okha amalephera kuwerenga. Apa musalimbane nazo. Tsegulani pulogalamu yojambulira zinthu za 3D, SketchUp kapena Blender, muimike mabokosi opanda mawindo pa miyeso yeniyeni, makoma a mamita atatu, denga pamwamba. Ikani kamera pomwe mukufuna, mutulutse chithunzi choonetsa chapafupi ndi chakutali, kenako muchipereke ku Stable Diffusion kudzera pa ControlNet ya `depth`, chida chochititsa AI kutsata maonekedwe a chithunzi chomwe mwaipatsa. Mabokosi agwira kukula ndi malo a nyumba, mawu angowonjezera njerwa, malata ndi mitengo. Mphamvu ya ControlNet mukaitsitsa kwambiri, nyumba ziyambanso kuyenda.

Chikatuluka, werengani madenga kaye. Kenako yang'anani chitseko: chizifika magawo awiri mwa atatu a khoma. Mithunzi ya nyumba zofanana ikhale yofanana utali, yogwera mbali imodzi. Wina ukatalika, ndiye kuti nyumbayo yakwera nsanja yomwe simunapemphe.

Chimene chimandipweteka mtima ndi makomiti a sukulu amene amagulitsidwa chithunzi chotere ngati pulani. Mulibe maziko, mulibe ngalande, mtunda wa pakati pa zimbudzi ndi mjigo sunayezedwe. Mmisiri akayamba kukumba potsata chithunzi, cholakwika chimaoneka simenti itapita kale. Wokubweretserani chithunzi mumufunse pulani ya malo yokhala ndi miyeso, yosainidwa ndi katswiri wovomerezeka. Akayamba kuzemba, musamulipire.