Kukonza nyumba modula pa lendi: lisiti lizilemba lendi yonse

Mwezi wa Okutobala ukafika, kuno ku Kasungu eni nyumba ambiri amayamba kuyang'ana kumwamba ndi mantha. Ndalama za fodya zinatha kale, zotsala zalowa ku feteleza, koma denga la nyumba ya lendi likudikira mvula ili pafupi. Apa ndi pamene mumamva mwini nyumba akuuza wochita lendi kuti, "Achimwene, ingokonzani, tidzadula pa lendi." Pa ntchito yanga yoyang'anira nyumba za anthu ndi kutolera lendi, mgwirizano wotere ndimaulimbikitsa, chifukwa nyumba imakonzedwa msanga ndipo palibe amene wapita kukatenga katapila. Koma mawu akewo, akasiyidwa choncho, ndi amene amadzetsa mkangano pofika Febuluwale.

Choyamba kumvetsa ndi chakuti lendi sinatsike. Wochita lendi akulipirabe lendi yonse, kungoti gawo lina akulipira ndi simenti, misomali ndi ntchito ya mmisiri. Ndipo popeza ndalamazo amatulutsa lero n'kumazibwezeredwa pang'onopang'ono, ndiye kuti wakongoza mwini nyumba popanda chiwongoladzanja. Amene wamvetsa zimenezi sangavomere kuti zithere pakamwa.

Tiyerekeze nyumba ya zipinda zitatu ku Chankhanga, ya lendi ya K90,000 pa mwezi. Mitengo ndikutchulayi ndi yongoyerekezera, inu mukafunse ya tsikulo ku hadiweya. Denga likudontha malo awiri, simenti ya pabalaza yaphwanyika pafupi ndi khomo, loko wa chitseko chakumbuyo anafa. Asanagule kanthu, awiriwa ayendere nyumbayo limodzi ndi mmisiri, ajambule malo owonongekawo pa foni, mmisiri apereke kotesheni. Tinene kuti matumba awiri a simenti ndi K60,000, mchenga ndi kunyamula kwake K10,000, misomali ya malata ndi phula K15,000, loko K15,000, ndipo mmisiri akufuna K40,000. Zonse pamodzi ndi K140,000. Agwirizana kudula K35,000 mwezi uliwonse kwa miyezi inayi, kutanthauza kuti wochita lendi azipereka K55,000 pamanja kapena pa Airtel Money kaya Mpamba.

Tsono pa lisiti ndi pamene ambiri amagwera. Mwini nyumba amalemba kuti walandira K55,000, basi. Pakatha chaka, pepala limenelo limatha kuwerengedwa mwa njira ziwiri, zonse zolakwika. Mwana wa mwini nyumba amene watenga udindo wotolera lendi aona kuti panali kuperewera kwa K35,000 miyezi inayi, ayamba kulonjerera ngongole ya K140,000. Kapena wochita lendi anena kuti lendi ya nyumbayi inatsitsidwa kufika pa K55,000, umboni wake ndi malisiti omwewo. Lisiti loyenera lizinena kuti lendi ya Novembala, K90,000, yalipiridwa yonse: K55,000 ndalama, K35,000 yodulidwa pa zokonza, zotsala kudula K105,000. Mwezi wotsatira zotsalazo zikhale K70,000, mpaka zithe. Uthenga wa pa foni umangoonetsa ndalama zimene zatumizidwa, sunena chifukwa chake zachepa, ndiye musaudalire paokha.

Kapepala ka mgwirizano sikafuna loya. Tsamba limodzi la mu kope ndi lokwanira, bola litchule ntchito zitatuzo ndi mayina ake, malire a ndalama, tsiku lomalizira ntchito, ndi mwezi woyambira kudula. Onse awiri asayine pamaso pa mboni, aliyense asunge lake. Mawu oti "kukonza nyumba" musawalembe, ndi otakata kwambiri. Wochita lendi wina amapaka penti ya mafuta chipinda chake, kuika matailosi ku bafa, kenako n'kubwera ndi malisiti a zinthu zimene mwini nyumba sanazipemphe. Zimenezo ndi zokongoletsa, ndipo mwini nyumba akakana kuzidula sanalakwe. Komanso ngati wochita lendiyo ndi mmisiri ndipo agwira yekha ntchito, mtengo wa thukuta lake ulembedwe pachiyambi. Ukapanda kulembedwa, mudzamva kuti, "Inetu ndimati mukungothandiza, si nyumba mukugonamo nomwe?"

Pali zinthu ziwiri zimene ndimaumirira kuti zilowe m'kapepalako ngakhale anthu azione ngati kukayikirana. China ndi chakuti lendi isakwere mpaka kudula kutatha. M'chitsanzo chathu, mwini nyumba akakweza lendi kufika pa K110,000 mwezi wachiwiri, poti nyumba tsopano yaoneka bwino, wochita lendi ataya K60,000 pa miyezi itatu yotsalayo, pafupifupi theka la zimene anaika. Chinacho ndi za kusamuka. Aphunzitsi, apolisi ndi anamwino amasamutsidwa nthawi ina iliyonse. Munthu akachoka atadula miyezi iwiri yokha, K70,000 yotsalayo abwezeredwa bwanji, ndipo liti? Simenti sangaifukule kupita nayo ku Mchinji. Ine ndimalangiza kuti ibwezedwe pa tsiku lopereka makiyi. Ndimalangizanso kuti kudula kusapitirire miyezi itatu kapena inayi. Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndalama yobwezedwa pa chaka chathunthu sigulanso matumba awiri aja.

Mwini nyumba nayenso ali ndi podzitetezera: kudula kuyambe ntchito ikaonedwa. Kuona kwake sikufuna sukulu. Simenti ya pansi muigogode ndi chitsulo. Ikamalira ngati ng'oma ndiye kuti sinagwirane ndi yakale, ndipo isweka posachedwa. Ikamatuluka fumbi la mchenga posesa, mmisiri anachulutsa mchenga kapena sanaithirire madzi. Pa ntchito yotere muyezo wabwino ndi ndowa imodzi ya simenti pa ndowa zitatu kapena zinayi za mchenga, ndipo pamafunika kuthirira kwa sabata. Padenga, msomali umakhomedwa pamsana pa lata, osati m'ngalande moyenda madzi, ndipo bowo la msomali wakale liyenera kutsekedwa. Denga limayesedwa ndi mvula, choncho nkwanzeru kugwirizana kuti likadonthanso pamalo omwewo mvula yoyamba, mmisiri abwerere osalipidwanso. Pa chifukwa chimenechi musamupatse ndalama zake zonse asanayambe.

Nanga mmisiri akakwera padenga n'kupeza kuti msomali sukugwira chifukwa chiswe chadya matabwa? Apo ntchito iime, mwini nyumba aitanidwe adzaone ndi maso ake. Kusintha matabwa a denga, khoma long'ambika kuchokera pa maziko, kapena chimbudzi chokumba chimene chayamba kutitimira, si zokonza zazing'ono, ndipo mtengo wake ukhoza kudya lendi ya chaka. Wochita lendi akapitiriza yekha poganiza kuti "adzamvetsa", ndalama zopyola malire aja zimakhala zovuta kuzipeza ngakhale nkhani itafika kwa majisitireti, chifukwa chimene angaonetse ndi malisiti a ku hadiweya, osati chilolezo cha mwini nyumba. Ngati mwini nyumbayo ali kutali, ku Lilongwe kapena ku Joni, atumize chilolezo cholemba pa foni chotchula ntchito yatsopanoyo ndi ndalama zake.

Za magetsi ndiye ndimakaniratu kuziika mu mgwirizano wotere, kupatula kusintha babu. Mawaya agwiridwe ndi munthu amene ali ndi chiphaso cha ntchitoyo, womusankha mwini nyumba, chifukwa nyumba ikapsa funso loyamba lidzakhala lakuti anagwira ndani. Mita ya magetsi ndi ya ESCOM, ya madzi ndi ya Central Region Water Board. Ikavuta mumakanena ku ofesi zawo, simuitana mnyamata wa pamsika. Mpopi wodontha wa mkati mwa mpanda, umenewo pulambala angakonze, ndipo ungalowe bwinobwino pa mndandanda wa zodula pa lendi.