Mitengo iwiri ya galimoto yomwe mukugulitsa

Foni yoyamba imene mudzalandire mukangolengeza kuti galimoto yanu ili pamsika idzakhala ya munthu amene sanaione n'komwe, ndipo funso lake lidzakhala lakuti: "Bwana, mtengo wotsiriza ndi zingati?" Ambiri amaluza ndalama pomwepa. Amatchula nambala imene yangowabwerera m'mutu, ndipo mawa lake wogulayo akabwera, kunenerera kumayambira pa nambala imeneyo kupita pansi. Pantchito yathu yogula ndi kugulitsa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito, timalemba mitengo iwiri papepala galimoto isanajambulidwe chithunzi. Wina ndi wouza anthu. Wina ndi wa mumtima, umene pansi pake galimoto ibwerera kunyumba. Wa mumtimawu ndi umene umayamba kupezedwa.

Ndalama zimene munagulira galimotoyo ziiwaleni kaye. Kwina galimoto imatsika mtengo chaka ndi chaka, koma kuno kwathu kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, moti amene anagula galimoto zimenezi zisanachitike akhoza kuigulitsa lero pa makwacha ochuluka kuposa amene anapereka. Wina amasangalala kuti wapindula, n'kugulitsa mofulumira, koma akapita kukafuna ina amapeza kuti ndalama zakezo sizikukwanira ngakhale galimoto yofanana ndi imene wataya. Ndalama zimene mukufuna nazonso si muyeso. Wogula alibe nazo ntchito zoti denga la nyumba yanu likufunika K16 miliyoni.

Tiyeni titenge galimoto imodzi tiyende nayo. Nambala zonse zimene nditchule ndi zachitsanzo chabe. Mitengo ikusintha msanga, choncho tengani njira yake, nambala mukapeze zanu. Galimoto yathu ndi Toyota Sienta ya 2012, ya giya yosintha yokha, yayenda makilomita 140,000, ndipo yakhala m'misewu ya ku Lilongwe zaka zinayi.

Choyamba n'kudziwa denga la mtengo, pamene galimoto yanu singapitirire. Wogula aliyense amene ali ndi ndalama m'manja ali ndi njira ina, yoitanitsa yake kuchokera ku Japan, idzere ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, alipire msonkho ku MRA, alembetse. Funsani wa kiliyaringi kuti Sienta yonga yanuyo ikufika pa zingati zonse zikalipidwa. Tinene kuti ndi K20 miliyoni. Yanu singayandikire pamenepo, pakuti ya ku Japan sinalaweko maenje athu, ndipo ogula amayang'ana nambala ya galimoto n'kudziwa kuti inalowa kale m'dziko. Chimene inu muli nacho ndi chakuti yanu ilipo lero, munthu akhoza kuiyesa, ndipo safunika kusakasaka madola.

Kenako fufuzani zinzake zimene zili pamsika, zisanu kapena kuposerapo, za chaka choyandikana ndi injini yofanana. Tinene kuti mwapeza za K15.5 miliyoni, K16 miliyoni, K16.5 miliyoni, K17 miliyoni ndi ina ya K19 miliyoni. Maso amathamangira pa yomalizayo. Koma funsani kuti yakhala nthawi yaitali bwanji ikulengezedwa. Galimoto imene yatha miyezi itatu ili pamalo amodzi ikukuuzani mtengo umene anthu akukana. Zonse zisanuzo, ndi iko komwe, ndi mitengo yopempha. Umene mukufuna inu ndi umene ndalama zinasinthira manja, ndipo umenewu sulembedwa paliponse. Umapezeka pofunsa makaniko wanu, mnzanu amene wagula posachedwa, kapena kuimbira amene wachotsa chilengezo chake n'kumufunsa mwaulemu kuti inapita pa zingati. Tinene kuti ya K16.5 miliyoni ija inapita pa K15.2 miliyoni. Ndiye kuti Sienta yabwinobwino ikugulidwa cha m'ma K15 miliyoni.

Tsopano yang'anani yanu ndi maso a mlendo. Apa eni galimoto ambiri mtima umawanyenga, chifukwa phokoso limene analizolowera salimvanso. Pitani nayo kwa makaniko amene si mnzanu wapamtima, aikwere, ayang'ane pansi, aone ngati giya ikuchedwa kugwira kapena utsi ukusintha mtundu. Pa Sienta yathu wapeza matayala awiri otha, mashoko akutsogolo ofooka ndi galasi lakutsogolo losweka, zonse pamodzi K1 miliyoni. Mtengo wake weniweni watsika kufika pa K14 miliyoni. Galasi ndi matayala ine ndimati konzani, chifukwa zimaoneka munthu akangofika, ndipo wogula amachotsera ndalama zambiri kuposa zimene mukanalipira. Koma musalowe m'zotsitsa injini kapena kupenta galimoto yonse. Ndalama zake sizibwerera, ndiponso penti yatsopano imachititsa wogula kuganiza kuti mukubisa ngozi. Wailesi yodula ndi marimu okongola amene munaikamo musaziwerengere kwenikweni. Zimathandiza kuti galimoto ipite msanga, osati kuti ikwere mtengo.

Mtengo wa mumtima uli pansi pa K14 miliyoni imeneyi, koma pansi pati? Njira yake ndi kupeza munthu amene angakupatseni ndalama lero lomwe. Pitani kwa ogulitsa galimoto awiri kapena atatu, muwafunse kuti angaitenge pa zingati. Adzatchula mtengo wotsika, ndipo musakwiye, pakuti nawonso ayenera kukonza, kusunga ndi kupeza phindu. Tinene kuti wopambana onse wati K12 miliyoni. Nambala imeneyi ndi yamtengo wapatali kwa inu, chifukwa palibe chifukwa chogulitsira munthu wina pansi pake. Choncho mtengo wanu wotsiriza uli pakati pa K12 miliyoni ndi K14 miliyoni, ndipo chimene chimauika pamalo pake ndi chakuti kudikira kukukudyerani zingati.

Mwini Sienta yathu ali ndi ngongole ya K5 miliyoni imene chiwongoladzanja chake chikumudya K200,000 pamwezi. Inshulansi ndi COF zikutha pakapita miyezi iwiri. Akaumirira pa K14 miliyoni n'kudikira miyezi itatu, wataya K600,000 pa chiwongoladzanja chokha, kuphatikizapo mapepala atsopano ndi mafuta oyendera kukaonetsa anthu galimoto. Kwa iyeyu K13.2 miliyoni ya sabata ino ikufanana ndi K14 miliyoni ya miyezi itatu ikubwerayo, ndipo ya sabata inoyo ndi yotsimikizika. Alembe K13.2 miliyoni. Mnzake amene alibe ngongole, ndipo galimoto akuigwiritsabe ntchito, akhoza kulemba K13.8 miliyoni osatekeseka. Galimoto ndi imodzimodzi, koma anthu awiriwa sayenera kukhala ndi mtengo wotsiriza wofanana.

Nambala imeneyi ndi ya ndalama zolowa m'thumba mwanu. Ngati pali ejenti, gwirizanani naye poyambirira kuti ake ndi angati ndipo apereka ndani. Akati K400,000 ichoke kwa inu, ndiye kuti pamaso pa wogula simungatsike kupitirira K13.6 miliyoni. Samalaninso ndi kupereka galimoto imodzi kwa maejenti ambirimbiri. Aliyense amaikapo yake pamwamba, galimoto yomweyo n'kumaoneka m'magulu a pa WhatsApp ndi mitengo inayi yosiyana, wogula wanzeru n'kuyamba kukayika ngati mwini wake weniweni alipo.

Mtengo wouza anthu tsopano suvuta. Kuno munthu sagula chinthu osachotseredwa, choncho siyani mpata. Koma mpatawo muuyeze kuchokera pa K14 miliyoni, osati pa mtengo wa mumtima, ndipo usakutulutseni m'gulu la zinzake zija. K15.3 miliyoni ndi yabwino. Ili pansi pang'ono pa yotsika mtengo kwambiri mwa zisanu zija, choncho mafoni abwera, komanso muli ndi poti n'kutsikira. Mukaika K17.5 miliyoni poganiza kuti mudzatsika, ogula enieni sadzaimba n'komwe, chifukwa munthu amene ali ndi K14 miliyoni amachita manyazi kukanenerera chinthu cha K17.5 miliyoni. Sabata ziwiri zoyambirira, pamene galimoto ili yachilendo m'maso mwa anthu, zidzapita pachabe.

Sabata ziwiri zimenezi zimakuuzani ngati mwalondola. Foni ikangoti zii, mtengo wakwera. Anthu akamabwera kudzaona koma osatchula ndalama, pali chimene akuona pa galimotoyo chimene inu simukuchiona, ndipo afunseni. Anthu atatu osadziwana akaima pa nambala yofanana, umenewo ndiye msika, ngakhale ukuwawa. Koma mafoni akachuluka tsiku loyamba, ena akufuna kutumiza ndalama asanaione, mwina mwaitchipitsa. Musathamange, mverani onse kaye. Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu April ndipo anthu akolola, ndalama zimayenda, ndipo galimoto zonyamula anthu ndi katundu monga Sienta ndi Probox zimafunidwa. January ndi February ndi miyezi ya fizi ndi njala, ogula ndi ochepa ndipo amadziwa kuti wogulitsa nthawi imeneyo wapanikizika.

Wa pafoni uja muyankheni kuti: "Achimwene, mtengo ndi womwe mwauonawo. Bwerani mudzaione, tikambirana ili pompo." Akabwera n'kunena kuti ali ndi K12.5 miliyoni, musakumane naye pakati msangamsanga. Tsikani pang'onopang'ono, ndipo sitepe iliyonse ichepe kuposa yapitayo: K14.8 miliyoni, kenako K14.5 miliyoni, kenako K14.3 miliyoni. Iye yekha aona kuti mukufika kumapeto. Ngati galasi losweka lija simunalikonze ndipo waliloza, muuzeni kuti mwaliwerengera kale, ndipo muonetseni pepala la makaniko. Chifukwa chimene mukugulitsira musachifotokoze kwambiri. Mukangotchula za ngongole kapena matenda, iye adziwa kuti nthawi ili kumbali yake.

Pali msampha umodzi umene umaswa mtengo wa mumtima mwini wake osazindikira. Wogula amavomera K14.5 miliyoni mosavuta, koma akuti apereka K10 miliyoni lero, zotsalazo kumapeto kwa mwezi. Papepala mwadutsa mtengo wanu wotsiriza. Kunena zoona mwagulitsa pa K10 miliyoni, pansi pa imene wogulitsa galimoto uja anakupatsani, ndipo K4.5 miliyoni yasanduka ngongole yopanda chiwongoladzanja pamene kwacha ikutha mphamvu. Galimotoyo ikakawonongeka m'manja mwake, adzati inali ndi vuto kale. Ngati mwamukhulupirira, alipire chikole, mulemberane pamaso pa mboni tsiku lomalizira kulipira, koma galimoto, makiyi ndi bulubuku zikhale kwa inu. Ndalama zonse zikaoneka mu akaunti yanu, osati pa chithunzi cha lisiti chimene wakutumizirani pafoni, pitani naye limodzi ku Road Traffic mukasinthe umwini. Ndalama zosinthira umwinizo mukhale mutagwirizana kale kuti alipira ndani musanagwirane chanza pa mtengo.