Kampani ikamagula masheya ake omwe

Ambiri amaganiza kuti kampani ikayamba kugula masheya ake pamsika ndiye kuti bizinesi yake ikukula. Si nthawi zonse ayi.

Tiyerekeze kuti kampani ili ndi masheya 100 ndipo yapanga phindu la K1,000 pachaka. Sheya iliyonse ikudya K10. Kenako yagula masheya 20 n'kuwafufuta. Otsala ndi 80, choncho phindu lomwelija likagawidwa, sheya iliyonse ikudya K12.50. Nsima ndi yomweyo, angochepa ndi odya.

Zikatere eni masheya otsala amapinduladi, bola kampaniyo igule masheyawo ali otchipa, ndi ndalama zotsala itakonza kale makina ndi kubweza ngongole. Ikagula mtengo uli m'mwamba, amene wadyerera ndi wogulitsa uja.

Pobisalira ndi apa. Chaka chotsatira phindu litatsika kufika K900, sheya iliyonse ipezabe K11.25, kuposa K10 yakale ija. Mabwana adzaimirira pamsonkhano n'kunena kuti zinthu zikuyenda, chonsecho phindu lagwa ndi K100. Ndipo ngati bonasi yawo imatengera phindu la pa sheya, musadabwe nawo.

Ine ndikatsegula lipoti lapachaka ndimayang'ana kaye malonda ndi phindu lonse, kenako ngongole, poti ena amachita kukongola ndalama zogulira masheyawo. Ndimawerenganso masheya amene ali pamsika. Ngati sakuchepa, nthawi zambiri ndiye kuti kampani ikungogula kuti ikwirire masheya atsopano amene ikupatsa mabwana ndi antchito ake.