Mafunso ndi mayankho pa Original quality ndi Storage saver mu Google Photos

Ziwirizi zikusiyana pati?

Izi ndi njira ziwiri zomwe mungasankhe pokweza zithunzi zanu ku Google kuti zisungidwe pa intaneti. Original quality imasunga chithunzi mmene kamera inachijambulira, pomwe Storage saver imachifinya kuti chisadye malo ambiri.

Kodi Storage saver si yaulere?

Si yaulere mopanda malire. Kuyambira pa 1 Juni 2021 zithunzi zatsopano zimadya pa malo aulere a 15 GB omwe amagwiranso ntchito ku Gmail ndi Google Drive.

Nanga chimatayika n'chiyani? Ine ndikuona chithunzi chili bwinobwino.

Pa foni simungaone kusiyana kwenikweni. Koma chithunzi chopitirira mamegapikiseli 16, kutanthauza timadontho 16 miliyoni topanga chithunzi, chimachepetsedwa kufika pa 16. Ngati munajambula gulu la anthu pa ukwati ndi mamegapikiseli 50, timadontho totsala sitikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu. Vuto limaonekera tsiku lomwe mukufuna kudula nkhope ya munthu mmodzi wa kumbuyo kuti muikulitse: maso, tsitsi ndi maluwa a pa chitenje zimaoneka zopakika.

Mafoni ambiri olembedwa kuti 50 MP amajambula pa mamegapikiseli 12 kapena 13 pokhapokha mwini atasintha yekha. Zithunzi zoterozo sizichepetsedwa kukula, komabe zimafinyidwa. Kufinya kumataya kusiyana kwakung'ono kwa mitundu pakati pa timadontho toyandikana, ndipo nthawi zambiri kumadziwika pa thambo, pa malo a mdima ndi m'mbali mwa zilembo zazing'ono. Kuchuluka kwa zotayika kumatengera chithunzicho, choncho sitilonjeza kuti risiti kapena satifiketi yojambulidwa patali idzawerengeka bwino.

Kanema ndiye amaluza kwambiri. Wa 4K amatsitsidwa kufika pa 1080p, ndipo pa timadontho tinayi tilitonse pamatsala kamodzi.

Ndikasinthira ku Original quality lero, zakale zibwerera?

Sizibwerera. Kusinthako kumakhudza zithunzi zomwe zikwezedwe kuyambira pamenepo. Zomwe zinachotsedwa pofinya Google sinazisunge kwina, ndipo palibe wokonza mafoni amene angazibweze.

Ndiye chithunzi changa chenicheni chinapita kuti?

 Kufinya kumachitika pa kope yopita ku Google, ya m'foni imakhala yosakhudzidwa. Koma mukadina `Free up space`, foni imafufuta kope zake za zithunzi zomwe zinakwezedwa kale, n'kutsala yofinyidwa yokha. Batani la `Recover storage` nalo limafinya zithunzi ndi makanema omwe munasunga kale pa Original quality, ndipo silibwezeka. Musanadine lililonse mwa mabataniwa, koperani foda ya `DCIM` pa kompyuta kapena pa memore khadi, ndipo mutsegule zithunzi zingapo kuti mutsimikize kuti zakopedwadi.

Tsiku ndi malo ojambulira zimatayikanso?

Ayi, zimenezo zimatsala.