Chipinda cha mamita atatu sichifuna mamonita a mainchi 8

Pafupifupi sabata iliyonse kumabwera mnyamata ku situdiyo yanga kuno ku Dedza, foni ili m'manja, kudzandionetsa chithunzi cha mamonita, masipika omvera nyimbo mu situdiyo, amene akufuna kugula. Nthawi zonse amakhala aakulu, a mainchi 8, ena mpaka ndi sabuwufa pansi. Ndikamufunsa kuti chipinda chake ndi chachikulu bwanji, amandiyang'ana ngati ndafunsa zosagwirizana ndi nkhaniyo. Ndatopa nako kubwereza, n'chifukwa chake ndalemba.

Monita si sipika ya pa chinkhoswe. Ntchito yake ndi kukuuzani zoona za nyimbo yanu, ngakhale zoonazo zikhale zowawa. Koma zimene zimafika m'khutu mwanu si mawu a monita okha, ndi mawu a monita osakanikirana ndi a chipinda. Ndipo zipinda zathu zambiri ndi za njerwa zopaka pulasitala, pansi pa simenti, mamita atatu uku, mamita atatu uku. Makoma oterewa samwa besi, amangoibweza.

Nkhani imene imandipwetekabe mtima ndi ya mnyamata wina wa cha ku Tsangano, ku Ntcheu. Anagulitsa kachewere wa chaka chonse kuti ayambe kujambula makwaya a kwawo. Ndinamuuza kuti agule a mainchi 5, ndalama yotsala akonzere chipinda. Anavomera pamaso panga, koma atafika mu mzinda wogulitsa anamuuza kuti ang'onoang'ono ndi a ana, n'kubwerako ndi a mainchi 8. Anawaika m'makona, iye n'kukhala pakatikati pa chipinda. Patapita miyezi iwiri anabwera ndi nyimbo za kwaya ina, nkhope ili yakugwa. "Achimwene, mu situdiyo zimamveka bwino, koma mu minibasi sipika ikungolira ngati yang'ambika." Akwayawo anali atakana kumaliza kulipira.

Chimene chinachitika n'chosavuta kuchiwerengera. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Mukagawa 343 ndi kutalika kwa chipinda kowirikiza kawiri, mumapeza mulingo umene chipindacho chimalira chokha. Kwa mamita atatu ndi 343 kugawa ndi 6, yankho ndi mahetsi 57, kutanthauza mawu onjenjemera ka 57 pa sekondi. Pa gitala ya besi, noti ya A yapansi ili pa mahetsi 55, ndiye mukuona kuti vutoli lili pamene nyimbo zathu zimadalira. Pafupi ndi khoma mawu amenewa amakula mopitirira muyeso, koma pakatikati pa chipinda amafafanizana n'kutsala pang'ono kuzimiririka. Popeza chipinda chake chinali chofanana mbali zonse, vutoli linkabwera kawiri pa noti imodzimodziyo. Iye pokhala pakati sankaimva besi, ndiye ankangoonjezera, kuonjezera, mpaka khutu lake litakhutira. Besi imene iye sankaimva inalimo mu nyimbo, ndipo minibasi ndi imene inaulula.

Musandimve molakwa, monita yaing'ono sichotsa vutoli, chifukwa vuto ndi la chipinda. Koma yaikulu imalikulitsa. Tengani a kampani imodzi: Yamaha HS8 imatsika mpaka cha pa mahetsi 38, pamene HS5 imalekezera cha pa 54 ndipo pofika pamenepo mphamvu yake imakhala itachepa kale. Yaikuluyo imathira mphamvu zambiri pamalo pamene chipinda chanu chimanama kwambiri. Mumalipira ndalama zochuluka kugula besi imene simungaikhulupirire. Komanso monita yaikulu imafuna kuti mukhale patali pang'ono kuti mawu a wufa, yotulutsa besi, ndi a twita, yotulutsa mawu opyapyala, alumikizane bwino, ndipo m'chipinda chotere malo amenewo mulibe.

Choncho gulani a mainchi 5. Pa mitundu sindilimbana ndi munthu: HS5, JBL 305P MkII, KRK Rokit 5, PreSonus Eris E5, onsewa ntchito amagwira. Chimene ndimayang'ana ndi bowo lotulutsira mpweya wa besi. Pa HS5 ndi JBL lili kumbuyo, pa KRK ndi Eris E5 lili kutsogolo. Ngati tebulo lanu liyenera kugunda khoma, a bowo lakutsogolo savutitsa kuika. A bowo lakumbuyo asiyireni mpata wosachepera chikhatho chimodzi, ndipo gwiritsani ntchito kaswichi kochepetsa besi kamene kali kumbuyo. Pa HS5 kalembedwa ROOM CONTROL, ndipo ambiri amene ndawayendera sanakakhudzepo chigulireni.

Mnyamata uja tinamuthandiza osagula china chilichonse chamagetsi. Tinachotsa mamonita m'makona n'kuwaika motalikirana mita imodzi, mutu wake nawo mita imodzi kuchoka pa monita iliyonse, matwita pa msinkhu wa makutu. Mpando tinausuntha kuchoka pakati, kufika pa mita imodzi ndi masentimita 15 kuchokera ku khoma lakutsogolo. Kenako ndinamuuza kuti aimbe noti za besi pa kiyibodi imodzi imodzi kuyambira pansi, akuyenda m'chipindamo. Anamva yekha noti ina ikubangula kukhoma n'kusowa pakati. Yesani zimenezi kwanu musanagule kanthu, ngakhale ndi sipika yobwereka. M'makona tinaunjikamo matiresi akale okhuthala. Zinasintha ndithu, koma mpaka lero besi amaitsimikiza pa mahedifoni, ndipo akwaya aja sanabwerenso. Kumudzi mbiri imathamanga kuposa nyimbo.

Zomata mathireyi a mazira kukhoma kuti amwe mawu, chonde lekani. Ndi opyapyala, besi imangodutsa ngati palibe kanthu, ndipo pakagwa moto amayaka msanga. Aliyense wokulipiritsani kuti akumatireni mathireyi kukhoma sadziwa ntchito.

Tsopano madobadoba, amene amandikwiyitsa kuposa zonse. Mamonita ambiri amene ndatchulawa amagulitsidwa imodzi imodzi, ndiye mtengo umene mwauona ungakhale wa sipika imodzi. Funsani musanatumize ndalama. Ena amakuonetsani masipika a kompyuta kapena a wailesi ya pabalaza n'kumati ndi a mu situdiyo. Tembenuzani muone kumbuyo: monita ya mtundu umenewu imakhala ndi ampu yakeyake m'kati, chingwe chake cha magetsi, ndi polowetsa chingwe cha mawu cha mtundu wa XLR kapena TRS. Yang'ananinso zimene zalembedwa pafupi ndi polowera magetsi. Kuno timagwiritsa ntchito 230V. Ya kaunjika yochokera ku Amereka ikhoza kulembedwa 120V yokha, ndipo mukailumikiza imapsa nthawi yomweyo. Ndaonapo ziwiri zotere, eni ake asanamveko ngakhale noti imodzi.

Yakale musagule musanaimve. Tengani nyimbo imene mumaidziwa bwino, muimve pa sipika iliyonse payokha, motsitsa. Ikani khutu pa twita: ngati sipakutuluka mawu opyapyala, yafa. Ngati wufa ikukhwekhwereza pa noti zapansi, isiyeni, ngakhale wogulitsa alumbire kuti ndi fumbi chabe. Ndipo yanu ikayamba kung'ung'uza kapena kuthetheka, izimitseni tsiku lomwelo, musadikire kuti mumalize chimbale. Musapite nayo kwa wokonza mawailesi amene angaikemo wufa iliyonse yokwana pabowo, chifukwa ikatero siifanananso ndi inzake, ndipo mamonita awiri osafanana sangakuuzeni pamene mawu a woimba ali.

Pa ndalama zimene mwasunga, patulani za zingwe ziwiri za TRS kapena XLR ndi kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu. Magetsi akazima, zimitsani mamonita pakhoma, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo musanayatse.