Kukonza bafa ya puloteni imene igwire ntchito m'chipinda chozizira

Puloteni ikatulutsidwa m'selo sichedwa kuwonongeka. Imagwira ntchito pokhapokha ikapindika m'njira yake, ndipo kupindikako kumadalira, mwa zina, tizigawo take tokhala ndi chaji ya magetsi, tina ta pozitivu, tina ta negetivu. Asidi akachuluka kapena kuchepa m'madzi, chaji ya tizigawoti imasintha, puloteni n'kutambasuka kapena kuundana. N'chifukwa chake poyeretsa puloteni timaisunga m'madzi oletsa pH, muyeso wa asidi m'madzi, kusinthasintha, amene m'labotale timawatcha bafa.

Mu bafa mumakhala mankhwala amodzi m'maonekedwe awiri: asidi wofooka, amene amatha kutaya haidirojeni wake, ndi besi mnzake, amene amatha kumutola. Asidi wina akalowa m'madzimo, besi amamumeza. Besi wina akalowa, asidi ndiye amalimbana naye. Kuchuluka kwa mmodzi poyerekeza ndi mnzake ndiko kumaika pH pamene tikufuna.

Tiyeni titsate chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tili ndi puloteni imene pI yake ndi 5.5. Nambala imeneyi ndi pH imene chaji za pozitivu ndi za negetivu pa puloteniyo zimafanana. Pamenepo mapuloteni ambiri sasungunuka bwino, choncho timatalikirapo. Tikakweza pH kupitirira pI, puloteni imakhala ya negetivu, ndipo tingaikole mu kolamu ya Q, chubu chodzaza timikanda ta pozitivu. Puloteni imakakamira pa timikandato, zinyalala zambiri n'kudutsa, kenako timaichotsa powonjezera mchere pang'onopang'ono. Tasankha pH 8.0, ndipo ntchito yonse ichitikira m'chipinda chozizira cha madigiri 4, chifukwa potentha puloteni imawonongeka msanga. Tikufuna lita imodzi ya bafa ya 20 mM, kutanthauza mamilimolo 20 a mankhwalawo m'litamo.

Bafa iliyonse ili ndi nambala yake, pKa, imene ndi pH pomwe asidi ndi besi amakhala theka ndi theka. Pamenepo ndi pamene bafa ili ndi mphamvu zonse. Mukatalikira pKa ndi nambala imodzi yathunthu, mbali imodzi imaposa inzake kakhumi, ndipo mphamvu yatsala yochepa. Pafupi ndi pH 8.0 pali bafa zitatu zimene zimapezeka pafupifupi m'labotale iliyonse: fosifeti, HEPES ndi Tris.

Fosifeti imagwa poyamba. M'mabuku pKa yake ndi 7.2, koma m'madzi a mchere imatsikira cha ku 6.8, kutali ndi 8.0. Vuto lalikulu n'lakuti fosifeti ndi ya negetivu ngati puloteni yathu. Nayo imakakamira pa timikanda ta Q, n'kumalanda malo a puloteni, ndipo ikamakoledwa ndi kumasuka pH ya m'kolamu imayendayenda. HEPES, ya pKa pafupifupi 7.5, ndi bafa yofatsa kwa mapuloteni, koma besi wake ndi wa negetivu, ndiye vuto ndi lomweli. Tris ndi yosiyana: asidi wake ndi wa pozitivu, besi wake alibe chaji, choncho timikanda sitimukoka. Kolamu ikanakhala ya timikanda ta negetivu, monga ya SP, zinthu zikanatembenuka, fosifeti n'kukhala yoyenera.

Musanatsegule botolo, ganizirani zimene puloteniyo ikumane nazo kutsogolo. Ngati imafuna kashiamu, fosifeti imagwirana naye n'kupanga zoyera zosasungunuka. Nayo Tris ili ndi gulu la amini limene limalanda mankhwala ena omatira utoto pa puloteni, choncho ngati mudzamata utoto wotero, muyenera kudzaichotsa kaye. Kwa ife pano Tris yapambana.

Powerengera timagwiritsa ntchito lamulo la Henderson ndi Hasselbalch:

```
pH = pKa + log([besi]/[asidi])
[besi]/[asidi] = 10^(pH - pKa)
```

Mzere wachiwiri ndi woyamba womwewo, tangoutembenuza. Ukunena kuti muchotse pKa pa pH imene mukufuna, yankholo mulilowetse pa batani la 10^x pa kakyuleta, ndipo chotuluka ndi kuchuluka kwa besi pa gawo limodzi la asidi.

Funso limene ambiri amalumpha ndi lakuti tiikapo pKa iti. Nambala yodziwika ya Tris, 8.06, ndi ya pa madigiri 25. Tris imamva kutentha kuposa bafa zambiri: kutentha kukatsika ndi digiri imodzi, pKa yake imakwera ndi pafupifupi 0.028. Kuchoka pa 25 kufika pa 4 ndi madigiri 21, ndipo tikachulukitsa 21 ndi 0.028 tipeza 0.59. Choncho m'chipinda chozizira pKa ya Tris ili pafupifupi 8.65. Puloteni ikakhala kumeneko, ndiye iyi ndi nambala yowerengera nayo.

```
pH - pKa = 8.0 - 8.65 = -0.65
[besi]/[asidi] = 10^(-0.65) = 0.224
besi  = 20 x 0.224/1.224 = 3.7 mM
asidi = 20 x 1/1.224     = 16.3 mM
```

Nambala ya 1.224 yachokera pa kuphatikiza gawo limodzi la asidi ndi 0.224 ya besi. Yankho likhale lomveka m'mutu musanalikhulupirire: pH yathu ili pansi pa pKa, choncho asidi ayenera kuchuluka, ndipo wachulukadi, kupitirira kanayi. Mukapeza besi wochuluka pamene pH ili pansi pa pKa, mwatembenuza nambala pochotsera.

Kuchoka pa pepala kupita pa sikelo pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuyeza ufa wa Tris wa besi wokha. Molo imodzi imalemera magalamu 121.14, ndiye mamilimolo 20 ndi magalamu 2.42. Sungunulani m'madzi oyeretsedwa okwana mamililita 900, muthire mamililita 16.3 a asidi wa HCl wa 1 M, kutanthauza molo imodzi pa lita. Milimolo iliyonse ya HCl imasandutsa milimolo imodzi ya besi kukhala asidi, choncho patsala besi 3.7 ndi asidi 16.3 monga tinawerengera. Njira yachiwiri ndi kusakaniza ufa wa mitundu iwiri: magalamu 0.44 a Tris wa besi ndi magalamu 2.58 a Tris-HCl, amene molo yake imalemera magalamu 157.6. Ine ndimakonda yoyamba, chifukwa asidi wamadzi mumathira pang'onopang'ono mukuyang'ana mita ya pH, pomwe ufa ukagwera wagwera. Madzi okwaniritsa lita yathunthu amabwera pomaliza, pH itakhala bwino.

Tsopano ikani mita m'bafayi ili pa tebulo, pa madigiri 25. Isonyeza pafupifupi 7.4, ndipo wosadziwa adzathamangira kuthira besi kuti ifike pa 8.0. Musatero. Chiwerengero cha besi ndi asidi sichisintha mukanyamula botolo kupita kozizira. Chimene chimasintha ndi pKa. Pa tebulo, 8.06 kuchotsapo 0.65 ndi 7.41. Kozizira, 8.65 kuchotsapo 0.65 ndi 8.0. Amene wakonza bafa yake kuti isonyeze 8.0 pa tebulo, puloteni yake ikasamba m'madzi a pH pafupifupi 8.6. Puloteni ina ingapirire zimenezo, koma pa pH yokwera chotero mapuloteni ena osafunika nawonso amasanduka a negetivu kwambiri n'kukakamira pa kolamu, ndipo zotsatira za lero sizifanana ndi za mnzanu amene anakonza bafa yake itazizira.

Mamita ambiri ali ndi kachipangizo koyeza kutentha, ndipo anthu amakadalira mopitirira muyeso. Iko kamangokonza mmene elekitirodi, kandodo ka mita koviika m'madzi, imawerengera pa kutentha kumeneko. Sikadziwa kuti m'botolo muli Tris, ndipo sikangakuuzeni pH imene bafayo idzakhale nayo ikazizira. Chabwino ndi kuziziritsa bafa, elekitirodi ndi madzi oyesera mita, zonse pamodzi, n'kumalizira kukonza pH komweko. Lamulo la Henderson ndi Hasselbalch limakufikitsani pafupi, kawirikawiri kusiyana kwake sikupitirira 0.1 kapena 0.2, chifukwa mchere wa m'madzi nawo umasuntha pKa pang'ono. Madontho omaliza aweruze ndi mita.

Pali china chimene manambala athu akuulula, ndipo chimandikhudza kwambiri kuposa magalamu. Bafa yathu ndi yopendekeka. Besi, amene ntchito yake ndi kumeza asidi, ndi mamilimolo 3.7 okha. Tiyerekeze kuti madzi ochokera m'maselo ophwanyidwa abweretsa mamilimolo 2 a asidi pa lita. Besi atsika kufika pa 1.7, asidi akwera kufika pa 18.3, ndipo tikabwezera m'lamulo lija pH igwa kufika pafupifupi 7.6. Mamilimolo 2 a besi akanangoikweza kufika pa 8.25. Choncho bafayi ndi yofooka kumbali ya asidi, kumene zoopsa zimachokera kawirikawiri. Puloteni ya pI 5.5 ikhalabe ya negetivu pa 7.6, ndiye kwa ife si tsoka. Ya pI 7.0 ikanagwira mofooka, mwinanso kudutsa m'kolamu osakoledwa.

Wina anganene kuti tingokweza Tris kufika pa 50 mM. Mphamvu ya bafa ikweradi kawiri ndi theka, koma asidi wa Tris aliyense amabwera ndi kuloraidi wake wochokera ku HCl. Pa 20 mM kuloraidi ndi 16.3 mM, pa 50 mM wafika pafupifupi 41 mM. Kuloraidi ndi yemweyo amene timamugwiritsa ntchito pochotsa puloteni pa timikanda, choncho puloteni yogwira mofooka ingakane kukakamira. Ngati puloteni ikulola, ndi bwino kusuntha pH kufika pa 8.3, kufupi ndi pKa. Pamenepo besi pa gawo limodzi la asidi ndi 0.45, ndipo pa 20 mM yomweyo mupeza besi 6.2 ndi asidi 13.8: mphamvu yomeza asidi yakwera, kuloraidi watsika.

Pa chifukwa chomwechi, mukapyola muyeso pothira HCl, musabweze ndi besi wa NaOH. pH ibwereradi, koma mwapanga mchere wa NaCl m'botolo, ndipo mita ya pH siuona. Ngati mwapyola ndi zambiri, tayani muyambenso. Magalamu awiri a Tris ndi otsika mtengo kuposa puloteni ya sabata yathunthu.

Musanathire puloteni, tsukani kolamu ndi bafa yokwana kasanu mpaka kakhumi kukula kwa timikandato, kenako yezani madzi otuluka pansi. pH yake ndi kayendedwe ka magetsi m'madzimo zifanane ndi za bafa ya m'botolo. Yezaninso madzi a puloteni, chifukwa nthawi zambiri ndi amene amabwera ndi mchere wochuluka kapena pH yotsika. Ngati magetsi akuyenda kwambiri m'madzi a puloteni kuposa m'bafa, asungunuleni ndi bafa yozizira kufikira ziyandikane. Ndipo musataye madzi amene adutsa m'kolamu pothira puloteni: mukaipeza m'menemo, yambani ndi kuyeza pH ndi mchere wa madziwo pa madigiri 4.