Munthu akagwa khunyu pagulu: chochita, ndi chimene chimamusiyitsa mankhwala

Tinene kuti muli pa depoti ya Mzuzu, mayi wina wagwa, thupi lauma gwa, kenako wayamba kuphupha, thovu likutuluka kukamwa. Choyamba yang'anani nthawi pa foni. Chotsani mbaula, miyala kapena njinga zimene zili pafupi naye, mupinde chitenje n'kumutsamiritsa kumutu, ndipo mumasule chilichonse chomuthina pakhosi.

Musamupanikize pansi kuti asiye kuphupha, mungamugumule phewa. Musamuike supuni, kamtengo kapena chala m'kamwa. Munthu sangameze lilime lake, koma supuniyo imathyola mano. Musamumwetsenso madzi asanatsitsimuke bwinobwino, chifukwa amalowera m'mapapo.

Kuphupha kukaleka, mugonekeni chammbali kuti malovu azituluka, mpweya uzidutsa. Ngati wadzikodzera, mufunditseni nsalu ndipo anthu ongoonerera muwauze apatuke. Akamadzuka amakhala wosokonezeka ndi wotopa. Muuzeni modekha kuti, "Mayi, munagwa, koma muli bwino, tili nanu pano."

Kawirikawiri kuphupha kumatha pasanathe mphindi 3. Kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangirani naye ku chipatala chachikulu cha Mzuzu kapena china chapafupi. Chitaninso chimodzimodzi ngati ndi woyembekezera, wavulala, wapsa, anagwera m'madzi, kapena ndi koyamba kugwa.

Khunyu ndi matenda a mu ubongo. Limatha kuyamba mwana akavutika pobadwa, munthu akavulala m'mutu, kapena pambuyo pa malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi. Silipatsirana kudzera m'malovu, thovu kapena mpweya woipa umene wodwala watulutsa. Chikhulupiriro choti limapatsirana ndicho chimachititsa kuti munthu wogwera pamoto apse kwambiri anthu ali chiimire.

Mankhwala monga fenobabitoni ndi kabamazepini amaletsa kugwa mwa anthu pafupifupi 7 pa 10 alionse, akamamwa tsiku ndi tsiku. Apa ndi pamene tsankho limaonongera. Mtsikana wokhala kugonera kusukulu amabisa mapilitsi kuopa kusekedwa, n'kumadumphitsa masiku. Bambo amaopa kupempha abwana tsiku lokatenga mankhwala, poopa kuti ntchito itha. Wina akakwatiwa amasiya kumwa kuti apongozi asadziwe, enanso achibale amawauza kuti analodzedwa, za kuchipatala azisiye. Palinso amene amapewa kukalandirira mankhwala ku chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God kuopa kunenedwa kuti ndi amisala.

Mankhwalawa amagwira ntchito pokhapokha akakhala okwanira m'magazi nthawi zonse. Kuwasiya mwadzidzidzi, makamaka fenobabitoni, kungabweretse kuphupha kosalekeza kumene kumapha. Ngati akukugonetsani tulo kapena kukuchititsani chizungulire, kauzeni adokotala asinthe mlingo. Mukatuluka zidzolo pakhungu, pitani tsiku lomwelo. Zochepetsa mankhwala amaganizira ndi adokotala okha, munthu akatha zaka 2 kapena kuposerapo osagwa, ndipo amachepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo.